Mkonono Umene Umadukiza: Kunenepa ndi Kubanika Kutulo

*Adokotala, bambo a kunyumba kwanga ali ndi zaka 46, kutalika kwawo ndi mita 1.70 ndipo amalemera makilo 104. Mkonono anayamba kalekale, koma zaka ziwiri zapitazi wafika poti ana amaumva kuchipinda kwawo. Chikundiopsa n'chakuti amati akuliza choncho n'kungoti zii, kenaka n'kudzidzimuka ngati munthu wotsamwidwa. Masana amangosinza, ngakhale m'tchalitchi. Amamwa mankhwala a bipi amitundu iwiri koma siikutsika, ndipo kawiri pa sabata amayendetsa galimoto kupita ku Blantyre. Anzanga akuti akangoonda basi zitha. Kodi n'zoona?*

*Mayi wa ku Matawale, Zomba*

Mayi, anzanuwo anena zoona, koma sanamalize. Kutsitsa thupi kumathandizadi, ndipo ndikuonetsani kuti kumathandiza kufika pati ndi makilo a bambowo. Koma ndiyambe ndi kuti zii kuja, chifukwa matenda ali pamenepo. Phokoso limasowetsa mtendere inu ndi ana. Chimene chikuwononga thupi la bambo ndi nthawi imene phokosolo lasiya.

Kuchokera kuseri kwa mphuno kutsika mpaka pakholingo, njira ya mpweya ilibe fupa loigwira. Ndi mnofu wokhawokha: tsinde la lilime kutsogolo, kanyama kolendewera kaja kumwamba, ndi zipupa zofewa m'mbali. Munthu akakhala maso, minofu imeneyi imakhala yokungika ndipo njira imakhala yotseguka. Akagona tulo imalefuka. Mwina muli mwana munayamwapo madzi ndi phesi la tsamba la papaya. Likakhala lothyola kumene, madzi amakwera bwinobwino. Likafota, mukangoyamwa limaphwatalala, ndipo mukamayamwa mwamphamvu m'pamene limatsekekeratu. Mmero wa bambo usiku ukuchita chimodzimodzi. Njira ikachepa, mpweya umadutsa mopanikizika n'kumagwedeza minofu yofewa ija, ndiwo mkonono. Ikaphwatalaliratu, mpweya sudutsa, ndiye kuti zii kuja.

Mukadzuka usiku uno muyang'ane pachifuwa ndi pamimba pawo nthawi imene ati zii. Muona chifuwa chikukoka, mimba ikukankha, nthawi zina pakhosi pakulowa kadzenje, koma pamphuno ndi pakamwa palibe mpweya wotuluka. Thupi likuyesetsa kupuma koma khomo n'lotseka. Mpweya wa okosijeni m'magazi umayamba kutsika, ubongo umazindikira kuti zinthu zavuta, n'kumugwedeza munthuyo pang'ono chabe, zongokwanira kuti minofu ikungikenso. Amakoka mpweya mwaphokoso, amapuma katatu kapena kanayi, tulo n'kumutenganso, njira n'kutsekekanso. Iye mwini m'mawa sakumbukira kalikonse. N'chifukwa chake bambo ambiri amakana kwamtuwagalu akauzidwa, ndipo sanama. Sadziwa.

Kuchipatala vutoli timalitcha apiniya, mawu ochokera ku Chigiriki otanthauza kusapuma. Timawerenga kuti munthu wadukiza kupuma ngati mpweya waima kwa masekondi 10 kapena kuposa. Kenaka timaona kuti zachitika kangati pa ola limodzi la tulo, kuphatikizapo nthawi zimene mpweya sunaimiretu koma wachepa kwambiri. Kochepera 5 pa ola n'zachibadwa. Kuyambira 5 mpaka 14 ndi vuto laling'ono, 15 mpaka 29 ndi lapakati, ndipo 30 kupita m'tsogolo ndi lalikulu. Tangoganizani munthu amene akudukiza ka 40 pa ola n'kugona maola 7. Wagwedezedwa ka 280 usiku umodzi. Pabedi wakhalapo usiku wonse, koma tulo tenitenito, tozama timene timapumitsa thupi, sanatilawe. Kusinza m'tchalitchi si ulesi kapena kusamva ulaliki ayi.

Bipi yosatsika ija nayo ikugwirizana ndi zomwezi. Mwa munthu wogona bwino, bipi imatsika usiku ndipo mtima umapuma. Mwa munthu wobanika, kudzidzimuka kulikonse kumatulutsa timadzi ta m'thupi tomwe timatuluka munthu akaopsedwa: mtima umathamanga, mitsempha imafinyika, bipi imakwera. Zikamachitika kambirimbiri usiku uliwonse kwa zaka, mitsempha imazolowera kukhala yofinyika ngakhale masana. Ndikamaona munthu wonenepa, wakhosi lalikulu, amene akumwa mankhwala a bipi mokhulupirika koma manambala sakutsika, funso loyamba limene ndimafunsa mkazi wake ndi la mkonono. Vutoli likasiyidwa limawonjezera chiopsezo cha sitiroko, kusagunda bwino kwa mtima ndi shuga.

Pali zizindikiro zina zimene simunatchule koma ndikanakonda muzione. Kodi bambo amadzuka kukataya madzi kawiri, katatu usiku? Ambiri amaganiza kuti ndi shuga kapena vuto la chikhodzodzo, ndipo n'koyenera kuyezetsa zimenezo, koma kubanika nako kumachititsa. Chifuwa chikamakoka mpweya panjira yotseka, mtima umatambasuka ngati kuti wadzaza madzi, ndiye umatumiza uthenga ku impso kuti zitaye madzi. Onaninso ngati amadzuka kukamwa kutauma, mutu ukuwawa m'mawa n'kusiya wokha dzuwa likakwera, kuiwalaiwala, kupsa mtima msanga, ndi kuchepa mphamvu m'banja. Chomalizachi amuna satchula okha, koma chimachitika kawirikawiri.

Tsopano tibwere ku kunenepa. Mafuta amapanikiza njira ya mpweya kuchokera malo atatu. Oyamba ndi amene aliyense amaona, a m'khosi, amene amakhala m'mbali mwa mmero n'kuufinya. Achiwiri ambiri sawadziwa: lilime nalo limanenepa. Mafuta amalowa m'kati mwa mnofu wa lilime, makamaka kutsinde, ndipo munthu akagona chagada lilime lolemeralo limagwera kumbuyo. Ofufuza a pa yunivesite ya Pennsylvania ku America anajambula mmero wa anthu asanaonde ndiponso ataonda, ndipo zimene anafalitsa mu 2020 zinaonetsa kuti kuchepa kwa mafuta a m'lilime n'kumene kunayendera limodzi kwambiri ndi kuchepa kwa kubanika. Achitatu ndi a pamimba. Munthu akagona, mimba yaikulu imakankhira mapapo m'mwamba ndipo amachepa. Mapapo odzaza bwino amakokera njira ya mpweya pansi n'kuikunga ngati chingwe choyanikapo zovala. Mapapo ofinyidwa sakoka, choncho njira imakhala yolefuka, ndiponso mpweya wosungidwa umachepa, moti okosijeni amatsika msanga kupuma kukangoima.

Tiyeni tiwerenge ndi manambala a bambo. Timatenga kutalika kuchulukitsa ndi kutalika komweko: 1.70 kuchulukitsa ndi 1.70 ndi 2.89. Kenaka makilo 104 kugawa ndi 2.89, tikupeza 36. Nambala imeneyi ikapitirira 25 munthu walemera kuposa msinkhu wake, ikafika 30 ndi kunenepa kwa matenda, ndipo kupitirira 35 mwayi wokhala ndi kubanika kwakukulu umakhala wochuluka. Tengani tepi ya telala muyeze khosi lawo, kuzungulira pansi pang'ono pa kholingo. Kwa amuna masentimita 43 kupita m'tsogolo ndi chenjezo, kwa akazi ndi cha m'ma 40. Ngati amagula malaya a kolala 17 kapena kuposa, ndiye afika kale. Muyezenso m'chiuno, tepi idutse pamchombo, osati pamene pamakhala lamba pansi pa mimba. Muyezo wosavuta kukumbukira ndi wakuti chiuno chisapitirire theka la kutalika kwa munthu. Kwa bambo amenewa ndi masentimita 85.

Nanga kuonda kumathandiza motani? Ku Wisconsin, ku America komweko, anatsatira gulu lalikulu la anthu kwa zaka, akuwayeza kulemera ndi kapumidwe ka kutulo, ndipo zotsatira zinatuluka mu 2000. Amene thupi linatsika ndi 10 pa 100 alionse, kudukiza kupuma kunachepa ndi pafupifupi 26 pa 100. Amene linakwera ndi 10 pa 100, kudukiza kunawonjezeka ndi pafupifupi 32 pa 100. Kwa bambo a makilo 104, gawo limodzi mwa magawo 10 ndi makilo 10, kutanthauza kutsika kufika pa 94. Sitikunena zoti abwerere thupi la paukwati ayi. Makilo 10.

Koma onani chimene manambalawa akunena ndi chimene sakunena. Ngati panopa akudukiza ka 20 pa ola, makilo 10 angawatsitse kufika cha m'ma 15, ndipo mwina inu mudzaona kuti kusinza kwachepa ndipo phokoso lafewa. Ngati akudukiza ka 40, atsika kufika cha m'ma 30. Kumeneko n'kupindula ndithu, mtima wapepukidwa, koma akadali m'gulu la vuto lalikulu. Apa m'pamene anzanu sanamalize. Anthu amene kubanika kumatheratu ndi kuonda kokha kawirikawiri ndi amene vuto lawo linali laling'ono, kapena amene atsika kwambiri n'kukhalabe pomwepo. Enanso mmero wawo ndi wopapatiza chibadwire, kaya chifukwa cha chibwano chaching'ono cholowa m'kati, matonsilo aakulu, kapena mphuno yotsekeka, ndipo oterewa amabanika ngakhale ali ochepa thupi. Kuchokera pa zimene mwalemba, ine ndikuganiza kuti vuto la bambo ndi lapakati kapena lalikulu. Choncho kuonda ayambe, koma pasakhale kudikira kuti makilo atsike kaye asanaonane ndi dokotala.

Ndipo chinthu chimodzi sichingadikire ngakhale sabata. Ulendo wa ku Blantyre uja. Munthu wobanika kutulo amatha kugona masekondi awiri kapena atatu maso ali chitsegukire, iye osadziwa. Galimoto yothamanga makilomita 80 pa ola imayenda mamita oposa 20 pa sekondi imodzi. Masekondi atatu ndi mamita oposa 60 popanda woyendetsa, ndipo mukudziwa mmene pa Thondwe kapena pa Namadzi pamadzazira anthu ndi njinga. Ndinaonapo bambo wina wa msinkhu womwewu amene anabwera ndi bala pachipumi. Anati anakumbukira akudutsa mlatho, kenaka anangozindikira galimoto ili m'ngalande, mkazi wake akukuwa. Panali masana, sanamwe dontho la mowa. Mkaziyo atafunsidwa anafotokoza za usiku zofanana ndendende ndi zanuzi, ndipo anali ataziona kwa zaka zinayi. Afunseni bambo modekha, osati mowaimba mlandu, ngati anayamba adzidzimukapo galimoto itapatuka, kapena kufika pamalo osakumbukira mmene adutsira. Akavomera ngakhale kamodzi, asiye kaye kuyendetsa maulendo aatali, akwere basi kapena apeze wowayendetsa mpaka atathandizidwa. Kutsegula windo ndi kukweza wailesi sikuletsa tulo totere.

Musanapite kuchipatala pali ntchito imene inu nokha mungaigwire, ndipo dokotala idzamuthandiza kuposa mawu alionse. Sankhani usiku umene bambo sanamwe mowa. Akagona tulo, khalani pambali ndi foni, kope ndi cholembera kwa ola lathunthu. Akangoti zii, yambani kuwerenga masekondi. Zikafika 10, lembani kamzere, ndipo lembaninso kutalika kwa nthawi imene yakhala yaitali kuposa zonse. Lembani ngati anagona chagada kapena chammbali. Jambulani kanema wa mphindi ziwiri kapena zitatu woonetsa chifuwa ndi nkhope, mawu akumveka. Mukatha, bwerezani tsiku lina cha m'ma 3 kapena 4 koloko m'bandakucha, chifukwa nthawi imeneyo tulo ta maloto timachuluka, minofu imalefukiratu, ndipo kudukiza kumatalika. Dziwani kuti khutu lanu ligwira kudukiza kwathunthu kokha. Nthawi zimene mpweya wangochepa zikudutsani, choncho nambala yeniyeni ndi yaikulu kuposa imene mupeze. Ngati pakhomo muli ndi kachipangizo kopanira pachala koyezera okosijeni, kamene kanafala nthawi ya Kovidi, kavekeni. Munthu wabwinobwino amakhala pa 95 kupita m'mwamba. Mukaona nambala ikutsika pansi pa 90 n'kukwera, kutsikanso n'kukwera motsatana ndi kudukiza kuja, lembani. Ikapanda kutsika si umboni woti ali bwino, chifukwa tizipangizo timeneti timaphonya chala chikazizira, ndipo pakhungu lakuda nthawi zina timaonetsa nambala yokwererapo kuposa yeniyeni.

Kanemayo muwaonetsenso bambo eni ake. Amuna ambiri amene anakana kwa zaka amangoti kukamwa yasa akadziona okha chifuwa chikukoka popanda mpweya.

Kuchipatala mupite limodzi, kaya kumene amalandira mankhwala a bipi kapena ku Zomba Central, ndipo munene mawu awa momveka: amasiya kupuma kutulo ndipo amasinza masana. Mukangoti amaliza mkonono, nkhaniyo itha kupepuka. Apemphe kuyezedwa shuga, kuonedwa kummero ndi m'mphuno, ndi kuunikidwa mtima. Nthawi zina timayezanso chithokomiro, chifukwa chikamagwira ntchito mofooka chimanenepetsa, chimatopetsa ndiponso chimawonjezera kubanika. Kuyeza kotsimikizira n'kogona usiku wonse utavala zipangizo zoyeza mpweya pamphuno, kayendedwe ka chifuwa ndi okosijeni. Sikupezeka pachipatala chilichonse, choncho mufunse dokotalayo kumene angakutumizeni. Ndipo ngati miyendo ikutupa, kapena bambo amabanika akangogona chagada ali maso, kapena amapuma mwawefuwefu akayenda pang'ono, kapena milomo imada m'mawa, musadikire tsiku la kiliniki. Zimenezo zingakhale mtima kapena mapapo akulephera.

Tsopano makilo 10 aja achoka bwanji? Liwiro loyenera ndi pafupifupi theka la kilo pa sabata, ndiye kuti miyezi isanu kapena isanu ndi umodzi. Kuti zitheke, chakudya cha tsiku chiyenera kuchepa ndi mphamvu yokwana makalore pafupifupi 500. Simunandiuze kadyedwe ka bambo, choncho nditenga tsiku limene ndimalimva kawirikawiri kwa amuna ogwira ntchito m'tauni muno, inu muone pamene pakufanana. Tiyi makapu atatu pa tsiku, kapu iliyonse masupuni atatu a shuga. Supuni yaing'ono ya shuga ili ndi makalore 16. Akatsika kufika pa supuni imodzi pa kapu, achotsa masupuni 6, pafupifupi makalore 100. Botolo la chakumwa chotsekemera la mamililita 300 limene amatsitsira nkhomaliro lili ndi shuga wokwana masupuni pafupifupi 8, makalore cha m'ma 130. Likhale madzi. Madzulo mitanda itatu ya nsima ikhale iwiri, ndipo malinga ndi kukula kwa chipande chanu, mtanda umodzi ungafike makalore 200. Pomaliza mafuta ophikira: supuni yaikulu imodzi ndi makalore 120, ndipo ambiri timathira ndi botolo, osayeza. Mukamayeza ndi supuni, kuchotsa supuni imodzi pa gawo la bambo pa tsiku n'kosavuta. Kuphatikiza zonse: 100, 130, 200 ndi 120, zakwana 550. Palibe chakudya chachilendo chimene mwagula, ndipo palibe amene wagona ndi njala.

Pamalo pa mtanda wachoka paja pabwere ndiwo. Mbale ya bambo theka likhale masamba, nkhwani, bonongwe, chisoso, mpiru, therere, ndipo pakhale nyemba, nandolo, mazira kapena nsomba, kaya matemba a ku Chilwa kapena usipa. Zimenezi zimakhalitsa m'mimba. Ndichenjeze za mgaiwa, chifukwa ambiri amati tasintha ufa ndiye tatha nazo. Mgaiwa ndi wabwino kuposa ufa woyera, uli ndi gaga ndipo umakhutitsa, koma mphamvu yake n'njofanana ndi ya ufa woyera. Mitanda itatu ya mgaiwa ndi mitanda itatu basi. Chimodzimodzi thobwa lothira shuga, ndi madzi a zipatso a m'mabotolo. Tchipisi cha pachiwaya ndi kanyenya wonona zikhale za apo ndi apo, osati za madzulo alionse poweruka.

Mowa ndiutchule pawokha chifukwa umapweteka pawiri. Botolo limodzi lili ndi makalore cha m'ma 140, koma choposa pamenepo umalefula minofu ya mmero ndiponso umachedwetsa ubongo kumudzutsa munthu, moti kudukiza kumachuluka ndi kutalika. Ngati bambo amamwa, mwina mwaona kale kuti usiku wa Lachisanu ndiye woopsa. Ngati sangasiyiretu, pakhale maola osachepera atatu kapena anayi pakati pa botolo lomaliza ndi kugona. Mapiritsi ogonetsa monga dayazepamu amachitanso chimodzimodzi, ndipo asamwe popanda dokotala amene akudziwa za kubanikaku. Tsiku lina akadzafunika opaleshoni, ogonetsa auzidwe zisanayambe. Fodya naye amatupitsa minofu ya m'mphuno ndi kummero.

Pa nkhani yoyenda, ndikudziwa kuti kumuuza munthu amene sanagone bwino zaka ziwiri kuti adzuke m'mamawa akathamange n'kumuuza zosatheka. Vutoli limadzidyetsa lokha: kusagona kumasokoneza timadzi touza munthu kuti wakhuta, njala imakula, thupi limafuna zotsekemera kuti lithane ndi tulo, kutopa kumamukhazika pampando, thupi limakwera, kubanika kumakula. Choncho ayambe pang'ono. Mphindi 15 pamalo osakwera, madzulo kukazizira, masiku asanu pa sabata, n'kumawonjezera mphindi zisanu sabata iliyonse mpaka afike mphindi 30. Pamenepo akwanitsa mphindi 150 pa sabata zimene bungwe loona zaumoyo padziko lonse limalimbikitsa. Liwiro lake n'loti atha kuyankhula koma sangaimbe nyimbo. Zitunda za ku Mulunguzi ndi msewu wa Ku Chawe zidikire kaye mpaka bipi itakhazikika ndipo maondo atazolowera. Kuyenda kumachepetsako kubanika ngakhale sikelo isanasunthe, choncho masabata oyamba sapita pachabe.

Pamene makilo akutsika pang'onopang'ono, pali chothandiza cha usiku uno womwe. Anthu ambiri amabanika kwambiri akagona chagada. Ngati kope lanu lionetsa kuti chammbali timizere tikuchepa, sokererani kathumba kumsana kwa tisheti yogonera, pakati pa mapewa, muikemo chitsononkho. Akatembenukira chagada chimawasowetsa mtendere ndipo amabwerera chammbali osadzuka n'komwe. Kwezaninso miyendo ya bedi ya kumutu ndi njerwa, masentimita 10 mpaka 15, kuti thupi lonse lipendekeke. Kuunjika mapilo sikufanana nazo, chifukwa kumapinda khosi n'kuchepetsanso njira.

Zolakwika zimene ndimaziona kawirikawiri ndi ziwiri. Choyamba ndi kufulumira. Munthu amasiyiratu nsima, amagula tiyi woondetsa, sabata ziwiri watsika makilo anayi, aliyense akusangalala. Ambiri mwa matiyi amenewa amangotsegula m'mimba kapena kukodzetsa. Chimene chatuluka ndi madzi, mafuta a m'lilime sanasunthe, ndipo kwa munthu womwa mankhwala a bipi kutaya madzi kotere kungamugwetse ndi chizungulire kapena kupweteka impso. Mwezi ukatha makilo abwerera. Sikelo akwere kamodzi pa sabata, m'mawa asanadye, sikelo yomweyomweyo, ndipo tepi ya khosi ndi chiuno kamodzi pa mwezi. Padzakhala masabata amene sikelo idzaima. Ngati tepi ikutsikabe, zinthu zikuyenda. Bipi ipitirire kuyezedwa, chifukwa thupi likamatsika mankhwala angafunike kuchepetsedwa, ndipo wochepetsa ndi dokotala. Akapezeka ndi shuga n'kuyamba mankhwala ake, asamadumphe chakudya.

Chachiwiri ndi pakamwa pa anthu, ndipo ichi chagonjetsa odwala anga ambiri kuposa njala. Kwathu kuno mwamuna akatuluka mimba timati zikumuyendera, mkazi akumusamala. Akayamba kutsika, kolala ikayamba kukhwepa, kuntchito ayamba kunong'ona, ndipo achibale a kuchimuna adzakufunsani inuyo kuti mwana wathu mukumudyetsa chiyani. Ndaona amuna atatsika makilo asanu ndi limodzi bwinobwino n'kubwerera dala chifukwa cha manyazi. Konzekeranitu. Uzani apongozi ndi alamu anu pachiyambi pomwe kuti achipatala alamula bambo atsitse thupi chifukwa cha bipi ndi kupuma, ndipo ngati bambo alola, aonetseni kanema uja. Komanso musiyanitse: kuonda kofuna kumayenda pang'onopang'ono ndipo munthu amapeza mphamvu. Kuonda kothamanga kumene munthu sanakufune, kobwera ndi chifuwa, thukuta la usiku, ludzu losatha kapena kufooka, n'kwina, ndipo n'kofunika kukayezetsa msanga.

Ngati kuyeza kuonetsa vuto lapakati kapena lalikulu, chithandizo chimene chimagwira ntchito mwachangu ndi makina a sipapu, amene pabokosi pake pamalembedwa CPAP. Anawayambitsa dokotala wa ku Sydney, ku Australia, Colin Sullivan, mu 1981. Mwina munamvapo dzinali kuchipinda cha ana obadwa masiku asanakwane, chifukwa zipatala zathu zimagwiritsa ntchito mtundu wina wa makinawa pothandiza makanda kupuma. A akulu ndi kabokosi kokhala pambali pa bedi, kopopa mpweya wamba, osati okosijeni, kudzera m'paipi ndi chovala pamphuno. Mpweyawo umakankha zipupa za mmero kuchokera m'kati, phesi lofota lija n'kukhala lotseguka usiku wonse. Munthu akawazolowera mkonono umaleka ndipo kusinza kumachepa m'masiku ochepa. Zovuta zake ziliponso: ndi odula, amafuna magetsi kapena batire usiku wonse, mphamvu ya mpweya iyenera kutcheredwa molingana ndi munthuyo, ndipo masabata oyamba chovala cha pamphuno chimasowetsa mtendere. Sachiza, amangogwira njira usiku umene avalidwa. Komanso paokha saondetsa. Chimene amachita n'kumubwezera munthu tulo, kuti akhale ndi mphamvu yoyenda ndi mutu woganiza bwino za chakudya. Choncho sipapu ndi kutsitsa thupi si zosankha chimodzi, zimayendera limodzi.

Kope lija mulisunge. Patsamba loyamba mulembe tsiku, makilo 104, khosi, chiuno, bipi, ndi timizere ta ola lija. Bambo akafika pa makilo 99 mukhalenso ola limodzi usiku n'kuwerenga, nthawi yofanana, kagonedwe kofanana, ndipo mubwerezenso akafika pa 94. Musadalire phokoso lokha, chifukwa mkonono utha kufewa kudukiza kukadalipo. Ngati timizere tachepa kwambiri, bambo akudzuka mutu uli wopepuka ndipo akutha kukhala mapemphero onse osasinza, mupite nalo kopelo kwa dokotala kuti aone ngati mankhwala a bipi kapena mphamvu ya makina zikufunika kusintha, ndiponso ngati angayambirenso kuyendetsa ulendo wa ku Blantyre. Ngati afika pa 94 koma akudukizabe kangapo pa ola ndipo akusinzabe masana, ndiye kuti mmero wawo ukufunika makina kapena kuonedwa ndi dokotala wa mphuno ndi mmero, ndipo makiyi a galimoto akhalebe kaye m'manja mwa munthu wina.